Msonkho woguluka mano

Pa 1 Juni 2019 dziko la South Africa linayamba kukhometsa msonkho pa mpweya wa kaboni, uja umatuluka tikawotcha malasha, petulo kapena dizilo n'kumakatenthetsa dziko lapansi. Lamulo linati tani iliyonse ya mpweyawu izilipiridwa R120. Ambiri anawomba m'manja, ndipo zinali zomveka, chifukwa nkhaniyi inayamba kukambidwa mu 2010 ndipo eni migodi ndi mafakitale anakhala akuikankhira kutsogolo chaka ndi chaka. Koma munthu akawerenga lamulolo mpaka kumapeto amapeza kuti palibe fakitale imene inalipira R120 ija. Yolipira kwambiri inapereka R48 pa tani, ndipo ina inkatha kutsika mpaka R6. Zotsalazo boma linakhululuka msonkho usanayambe n'komwe.

Ine ndikuti kukhululuka kotereku kunapha cholinga cha msonkhowo, ndipo kunaupha mosafunikira, poti panali njira yotetezera ntchito za anthu popanda kuugulula mano. Ndikulemba izi chifukwa maiko athu oyandikana nawo amakonda kutengera zochitika ku Pretoria. Tikatengera lamuloli mmene lilili, tidzakhala titawonjezera dzina lina pa mndandanda wa misonkho, utsi ukufukabe monga kale.

Tiyambe ndi nzeru imene msonkhowu unachokera. Kumudzi, mbuzi zanu zikalowa m'munda wa mnzanu n'kudya chimanga, nkhani imapita kwa amfumu ndipo mumalipa. Aliyense amadziwa chifukwa chake. Mbuzi zanenepa, phindu lake ndi lanu, koma chimanga chimene zanenepera ndi cha wina. Mukapanda kulipa, mudzaweta mbuzi zambiri kuposa zimene msipu wanu ungadyetse, ndipo khola simudzalikonza, popeza kuboola kwake sikukupwetekani inu. Kulipa kuja kumathandiza mwini munda, komanso kumachita chinthu china chachikulu: kumakupangitsani kugula chingwe.

Katswiri wa zachuma wa ku Cambridge, Arthur Cecil Pigou, analemba mfundo yomweyi mu 1920 m'buku lake lotchedwa The Economics of Welfare. Chimodzi mwa zitsanzo zake chinali cha sitima zapamtunda za nthawi imeneyo, zoyendera malasha, zimene zinkathetheka moto n'kutentha nkhalango za anthu m'mbali mwa njanji. Kampani ya sitima inkawerengera mtengo wa malasha, wa zitsulo ndi malipiro a antchito, koma mitengo yopsa ija sinkalowa m'mabuku ake. Choncho tikiti inkaoneka yotsika mtengo, pamene mbali ina ya mtengo wake inkalipidwa ndi munthu amene sanakwere n'komwe sitimayo. Ganizo la Pigou linali lakuti boma liike msonkho wolingana ndi chiwonongeko chimenecho, kuti wowononga azichimva m'thumba mwake nthawi iliyonse akamasankha chochita.

Mawu ofunika apa ndi akuti nthawi iliyonse akamasankha chochita. Misonkho yambiri cholinga chake ndi kudzaza thumba la boma, ndipo boma limakondwa anthu akapitiriza kugula chinthu chokhomeredwacho. Msonkho wa Pigou ndi wamtundu wina. Ntchito yake ndi kusintha masamu a woyang'anira fakitale pamene wakhala pansi kuganiza ngati akonze ng'anjo yake kapena aisiye. Funso limene iye amadzifunsa ndi limodzi: ndikachepetsa utsi ndi tani imodzi, ndipulumutsa ndalama zingati? Yankho la funso limeneli ndilo mano a msonkho. Nambala yolembedwa pamutu pa lamulo ilibe kanthu ngati yankho la funsoli lili laling'ono.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti boma silifunika kudziwa za m'kati mwa fakitale iliyonse. Kwa ena kuchepetsa utsi n'kotsika mtengo, kwa ena n'kodula zedi, ndipo amene amadziwa bwino ndi eni ake. Mtengo ukakhala umodzi pa tani iliyonse, amene angathe kuchepetsa motchipa amayamba ndiwo, ndipo amene sangathe amalipira. Dziko limapeza mpweya wabwinoko pa mtengo wotsikitsitsa. Koma zonsezi zimayenda pokhapokha mtengowo ukhale wofanana kwa onse komanso woyandikira chiwonongeko chenicheni.

Nanga chiwonongekocho n'chachikulu bwanji? Kuchiyeza n'kovuta, ndipo otsutsa msonkhowu amakonda kubisala kuseri kwa vuto limeneli. Komabe pali poyambira. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Joseph Stiglitz ndi Nicholas Stern linanena kuti, ngati maiko akufuna kukwaniritsa pangano la ku Paris, tani ya kaboni iyenera kukhala pakati pa madola 40 ndi 80 pofika 2020. R120 ya mu 2019 inali pafupifupi madola 8. R48 inali madola atatu okha, ndipo R6 siinkakwana ndi theka la dola. Munthu angatsutse kuti dziko losaukirapo lisalipire mofanana ndi maiko olemera, ndipo ine ndikuvomera. Koma pakati pa madola 40 ndi theka la dola pali mtunda wautali kwambiri moti kuvuta kwa kuyeza sikungaufotokoze.

Tisaiwalenso amene amanyamula katundu wosalipiridwayu. South Africa ndiye amatulutsa mpweya wa kaboni wambiri kuposa dziko lina lililonse mu Afirika. Magetsi ake ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga, ndipo kampani ya Eskom yokha imatulutsa matani pafupifupi 200 miliyoni pa chaka. Ku Secunda, kampani ya Sasol imasandutsa malasha kukhala mafuta a galimoto, ntchito yotulutsa mpweya wochuluka kwambiri pamalo amodzi. Mpweyawu sufunsa chiphaso pa chipata cha Beitbridge. Miyezi itatu lamulo lija lisanayambe, mu Malichi 2019, namondwe wa Idai anasakaza Beira, Chimanimani ndi zigwa za kummwera kwa Malawi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a ku Blantyre, matope n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Palibe angaloze chumuni chimodzi n'kunena kuti ichi ndicho chinabweretsa namondwe, ndipo gawo lalikulu la mpweya umene uli kumwambaku linachokera ku Ulaya, ku Amereka ndi ku China. Koma nyanja ikatentha mvula ya anamondwe imachuluka, ndipo tani iliyonse imawonjezerapo, ichokere kulikonse. Mlimi wa ku Nsanje ndiye mwini munda uja wodyedwa ndi mbuzi, kungoti alibe bwalo lokadandaulako.

Tsopano tione mmene R120 inasungunukira. Lamulo linapatsa wowononga aliyense chikhululuko choyamba cha 60 peresenti: pa matani 100 alionse, 60 salipiridwa. Pamwamba pake panabwera zina. Fakitale imene katundu wake amapikisana ndi wakunja inkatha kuchotseredwa mpaka 10 peresenti. Yochita bwino kuposa inzake pa kuchuluka kwa utsi, mpaka 5 peresenti. Yovomera kulowa m'ndondomeko ya boma yoikira kampani iliyonse malire a mpweya, 5 peresenti ina. Mafakitale monga a simenti, amene mpweya wina umatuluka m'mwala wa laimu ukamawotchedwa, anapatsidwa 10 peresenti yawoyawo. Potsiriza, kampani inkaloledwa kugula ziphaso zosonyeza kuti kwinakwake mpweya wachepetsedwa, n'kuchotserapo 5 kapena 10 peresenti. Zonse pamodzi zinkaloledwa kufika pa 95 peresenti.

Chilichonse mwa zikhululuko izi chili ndi chifukwa chake chomveka chikaima pachokha. Vuto lili pa kapangidwe kake: zonse ndi maperesenti a utsi umene watuluka chaka chimenecho. Kuti tione kuipa kwa zimenezi, tiyerekeze fakitale yopanga mapepala imene ili ndi ng'anjo ya malasha yowiritsira madzi. Fakitaleyi ndi yongoyerekeza, koma masamu ake akutsata lamulo lenilenilo.

Tinene kuti imatulutsa matani 100,000 pa chaka. Pa R120, msonkho wathunthu ukanakhala R12 miliyoni. Yapeza chikhululuko choyamba cha 60, cha mpikisano wakunja cha 10, cha kuchita bwino cha 5 ndi cha malire cha 5, zonse 80 peresenti. Ikulipira pa matani 20,000 okha, ndiye kuti R2.4 miliyoni, kapena R24 pa tani iliyonse imene yatuluka pa chumuni.

Tsiku lina injiniya wa fakitaleyo akubwera kwa bwana wake ndi pulani. Akufuna kukuta mapaipi a nthunzi kuti asamataye kutentha, kuika makina obweza kutentha kwa utsi kuti kuzifunditsa madzi olowa, ndi kusintha mbali zakale za ng'anjo. Zikatheka, utsi utsika ndi matani 10,000 pa chaka. Atawerengera ngongole ya zipangizo n'kuchotsapo ndalama za malasha opulumuka, ntchitoyi ikudya R800,000 pa chaka, kutanthauza R80 pa tani iliyonse yopewedwa.

Bwana uja akutenga cholembera. Msonkho ukanakhala R120 yeniyeni, matani 10,000 akanamupulumutsira R1.2 miliyoni, ndipo atalipira R800,000 ya ntchitoyo akanatsala ndi phindu la R400,000. Akanasaina tsiku lomwelo. Koma pansi pa lamulo lilipoli, utsi ukatsika chikhululuko chimatsika nawo. Matani akakhala 90,000, olipiridwa ndi 18,000, ndipo msonkho ukutsika kuchoka pa R2.4 miliyoni kufika pa R2.16 miliyoni. Wapulumutsa R240,000 yokha pa ntchito ya R800,000. Akuluza R560,000 chaka chilichonse. Pulani ija ikubwerera m'kabati, ndipo bwanayo sanalakwe: wachita zimene lamulo lamuuza. Boma lalandira R2.4 miliyoni yake, fakitale yalemba m'lipoti lake kuti imalipira msonkho wa kaboni, ndipo matani 100,000 akukwerabe kumwamba.

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga aonetsetse, chifukwa yankho lake silifuna kuti fakitaleyi ilipire ngakhale senti imodzi yowonjezera. Tiyerekeze kuti boma likanati: fakitale iyi, malinga ndi kuchuluka kwa mapepala amene imapanga, tikuipatsa matani 80,000 aulere, nambala yokhazikika, ndipo tani iliyonse yopitirira pamenepo ndi R120. Chaka choyamba bilu ndi yomweija: matani 20,000 pa R120, R2.4 miliyoni. Koma injiniya uja akabwera, masamu asintha. Utsi ukatsika kufika pa 90,000, matani aulere akadali 80,000, olipiridwa atsala 10,000, ndipo msonkho wagwa ndi theka. Wapulumutsa R1.2 miliyoni, pulani yadutsa. Katundu pa fakitale ndi wofanana, koma mphamvu yokankha kusintha yakula kasanu. Njira iyi ili ndi zovuta zake: pamafunika kugwirizana kuti tani ya mapepala kapena ya simenti iyenera kutulutsa utsi wochuluka bwanji, ndipo pa nambala imeneyo makampani amakangana ndi boma mpaka kutuluka thukuta. Koma mkangano umenewo ndi wa mtengo wa chingwe, mbuzi zitavomerezedwa kuti zimangidwe.

Munthu wamba angadziwe bwanji ngati msonkho wa utsi uli ndi mano? Atenge ndalama yolipidwa aigawe ndi utsi wotuluka. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa kaboni. Pa R120 pa tani, lita imeneyo ikanayenera kukwera ndi masenti pafupifupi 28. Imene inaikidwa mu Juni 2019 inali masenti 7 pa petulo ndi 8 pa dizilo. Mtengo wa mafuta umadumpha kuposa pamenepo mwezi ndi mwezi chifukwa cha kusintha kwa randi. Palibe woyendetsa galimoto amene anasintha ulendo wake chifukwa cha masenti 7.

Nkhani ya magetsi ndiyo yopweteka koposa, poti kumeneko ndiko kuli utsi wambiri. Boma linalonjeza kuti msonkho wa kaboni sudzakweza mtengo wa magetsi m'gawo lake loyamba. Kuti zimenezi zitheke, opanga magetsi analoledwa kuchotsa pa bilu yawo ndalama zimene ankalipira kale pa msonkho wina wakale, wa masenti 3.5 pa yuniti iliyonse ya magetsi, komanso ndalama zowonjezera zimene amagulira magetsi a dzuwa ndi mphepo. Zotsatira zake, wowononga wamkulu m'dziko lonse sanamve kulemera kwatsopano. Ena ankati palibe vuto, popeza msonkho wakale uja unalipo. Koma uja unkawerengera mayuniti a magetsi, sunkawerengera utsi. Siteshoni yakale yodya malasha ambiri ndi yatsopano yodya ochepa zinkalipira mofanana pa yuniti, ndipo ngakhale ya nyukiliya ya ku Koeberg, yosawotcha malasha, inkakhomeredwa nawo. Msonkho wosasiyanitsa wauve ndi waukhondo sungaphunzitse munthu kusamba.

Oteteza lamuloli amayankha kuti tidekhe, mwana sayamba ndi kuthamanga. Amaloza kuti mtengo wakhala ukukwera: R159 mu 2023, R190 mu 2024, R236 mu 2025, ndipo lamulo likuti udzafika R462 mu 2030. Izi n'zoona ndipo ndi zabwino kuti makampani akudziwiratu kumene mtengo ukulowera. Koma gawo loyamba, limene linayenera kutha mu 2022, linatalikitsidwa mpaka kumapeto kwa 2025. Mu 2024 a zachuma m'boma anapereka ganizo lochepetsa chikhululuko cha 60 peresenti chija, koma pofika bajeti ya 2025 anabwerera m'mbuyo n'kuchisiya chomwecho. Fakitale yathu ya mapepala, ikadzakhalabe ndi 80 peresenti yake mu 2030, idzamva R92 pa tani, pamene zipangizo za injiniya uja nazonso zidzakhala zitakwera mtengo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Eni mafakitale aphunzirapo phunziro limodzi pa zaka zonsezi: ndalama yolipira odziwa kunyengerera boma imabweza phindu msanga kuposa yokonzera ng'anjo.

Sindikufuna kupeputsa mantha a otsutsa. M'dziko limene munthu mmodzi mwa atatu ofuna ntchito alibe ntchito, kutseka fakitale ya zitsulo si nkhani yoseka. Ngati msonkho uthamangitsa fakitale kupita kudziko lopanda msonkho, utsi udzatulukabe kumeneko, ndipo South Africa idzakhala italuza ntchito popanda kupulumutsa kanthu. Mantha amenewa ndi enieni. Chimene ndikukana ndi chakuti mankhwala ake okha ndi kutsitsa mtengo wa tani, chifukwa dziko lina linasonyeza kale njira ina.

Mu 1992 dziko la Sweden linaika msonkho pa mpweya wa nayitirojeni wotuluka m'ng'anjo zikuluzikulu, umene umabweretsa mvula ya asidi yowononga nyanja ndi nkhalango. Mtengo unali waukulu, makorona 40 pa kilogalamu, ndipo mpweyawo unkayezedwa ndi makina oikidwa pa chumuni penipeni. Koma boma silinasunge ndalamazo. Litachotsapo zochepa zoyendetsera ntchito, linkabweza zonse kwa mafakitale omwewo, kugawa molingana ndi mphamvu yothandiza imene iliyonse yapanga. Tiyerekeze mafakitale awiri opanga mphamvu yofanana. Yoyamba yatulutsa matani 100 n'kulipira makorona 4 miliyoni, yachiwiri matani 50 n'kulipira 2 miliyoni. M'nkhokwe muli 6 miliyoni, ndipo iliyonse ikubwezeredwa 3 miliyoni. Yauve yaluza miliyoni imodzi, yaukhondo yapindula miliyoni imodzi. Mafakitale akakhala mazana, monga zinalili ku Sweden, zimene imodzi yachepetsa sizisintha kwenikweni gawo lake lobwezeredwa, choncho kilogalamu iliyonse yopewedwa imapulumutsa pafupifupi makorona 40 athunthu. M'zaka zoyambirira utsi wotuluka pa mphamvu iliyonse yopangidwa unatsika kwambiri, ndipo kwina kunangofunika kusintha kawotchedwe, mainjiniya ataona manambala a pa chumuni tsiku ndi tsiku.

Njira ya ku Sweden si yangwiro. Popeza ndalama zimabwerera kwa opanga, wogula katundu samva mtengo wonse wa chiwonongeko, ndipo owonongeredwa salandira kanthu. Pigou mwiniwake akanadandaula. Komabe ikutsimikiza mfundo imene boma la South Africa linaizemba: kuteteza thumba la fakitale ndi kutsitsa mtengo wa tani ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo n'zotheka kuchita choyambacho osachita chachiwiri.

Palinso chifukwa china chimene ngakhale munthu wosasamala za nyengo ayenera kuchimva. Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya unakhazikitsa lamulo lakuti zitsulo, aluminiyamu, simenti, feteleza ndi katundu wina wolowa kumeneko azilipiridwa kaboni amene anatuluka popangidwa. Kulemba malipoti kunayamba mu Okutobala 2023, ndipo gawo la kulipira linayamba kuwerengedwa mu 2026, kukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mtengo wa tani ku Ulaya wakhala ukupitirira R1,000. Lamulolo limalola kuchotsapo msonkho wa kaboni umene unalipidwadi kudziko kochokera katundu, ndipo mawu akuti unalipidwadi ndi ofunika: amawerengera ndalama imene yatuluka m'thumba, zikhululuko zitachotsedwa. Munthu angadane nalo lamuloli, ndipo pali zifukwa zabwino zodana nalo, poti olemera amene anadetsa thambo akulipiritsa osauka. Koma lilipo. Randi iliyonse imene Pretoria wakhululukira fakitale yotumiza zitsulo ku Ulaya ikhoza kukatoleredwa ku Ulaya komweko, kumene siidzamanga chipatala cha ku eMalahleni.

Funso lolemera kwambiri ndi la osauka. Msonkho wa kaboni ukaluma, magetsi ndi thiransipoti zimakwera, ndipo banja la ku Soweto kapena ku Khayelitsha limawononga gawo lalikulu la ndalama zake pa zimenezi kuposa banja la ku Sandton. Ku France mu 2018 kukwera kwa msonkho wa mafuta kunatulutsa anthu m'misewu kwa miyezi, mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Amene amalimbikitsa msonkhowu osatchula vuto ili ndi osakhulupirika. Koma taonani amene zikhululuko za 95 peresenti zimamuteteza: ndi amene amawotcha kwambiri. Banja lolemera, la magalimoto atatu ndi dziwe losambira lotenthetsedwa, limatulutsa utsi wochuluka kuposa la m'kanyumba ka malata, choncho kutsitsa mtengo wa kaboni kumapatsa lolemeralo mphatso yaikulu. Njira yolunjika ndi kutolera msonkho wathunthu n'kubweza ndalamazo kwa anthu. Dziko la Switzerland limabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a msonkho wake wa kaboni, ndipo gawo la mabanja limagawidwa mofanana kwa munthu aliyense. Wowotcha pang'ono amalandira zambiri kuposa zimene walipira. South Africa ili kale ndi mipope yodutsiramo ndalama zotere: thandizo la mwezi ndi mwezi limene limafika kwa anthu mamiliyoni ambiri, ndi mayuniti 50 a magetsi aulere pa mwezi kwa mabanja osauka. Chosowa ndi lamulo lomangirira ndalama za kaboni ku mipope imeneyi poyera, kuti mayi wogulitsa tomato aone ndi maso ake kuti zakwera apa, zabwerera apa.

Ife a kumpoto kwa Limpopo tisaseke, chifukwa zathu zaguluka mano mwa njira ina. Ku Zambia msonkho wa kaboni wa pa galimoto umalipidwa kamodzi pa chaka molingana ndi kukula kwa injini, ndipo Malawi anayamba ndi njira yomweyo mu 2019. Galimoto ya agogo yongopita kutchalitchi Lamulungu ndi ya injini yofanana yoyenda pakati pa Lusaka ndi Chipata sabata iliyonse zimalipira chimodzimodzi. Munthu akalipira mu Januwale, kilomita iliyonse yotsatira ndi yaulere. Funso la bwana uja, lakuti ndikachepetsa utsi ndipulumutsa zingati, yankho lake pano ndi ziro. Umenewu ndi msonkho wa kukhala ndi galimoto, ndipo kuupatsa dzina la kaboni kumaipitsa dzinalo, moti tsiku limene boma lidzabwere ndi weniweni anthu adzati tinaumva kale, ndi kuba chabe.

Choncho boma lililonse m'chigawo chathu likabwera ndi msonkho wotchedwa wa chilengedwe, aphungu ndi atolankhani alifunse mafunso atatu, ndipo asalole mayankho ozungulira. Kodi msonkhowu ukuwerengera utsi weniweni, kapena chinthu china chosavuta kutolera? Kodi wochepetsa tani imodzi apulumutsa ndalama zingati, zikhululuko zonse zitachotsedwa? Nanga ndalama zotoleredwazo zibwerera kwa yani, kudzera njira iti? Kwa South Africa pempho langa ndi lachindunji. Zikhululuko za maperesenti zisinthidwe kukhala matani okhazikika omangiriridwa ku katundu wopangidwa, otsika chaka ndi chaka pa ndandanda yolembedwa m'lamulo. Magetsi alowe mu msonkhowu mokwanira, ndipo ndalama zake zipite ku mabanja osauka ndi ku matauni a malasha a ku Mpumalanga amene adzafunika ntchito zina. Fakitale yathu ya mapepala ikhoza kulipirabe R2.4 miliyoni yomweyo chaka choyamba, koma injiniya wake akadzagogoda pakhomo ndi pulani ya R80 pa tani, bwana adzakhala ndi chifukwa chosainira.